Kodi Mawa Ayenera Kulemera Bwanji Kuti Pangano Lisasweke?

Masana ano tikambirana funso limene lingayankhidwe ndi masamu a sekondale. Anthu awiri apangana chinthu. Palibe khoti lowakakamiza, palibe mfumu yowaweruza, ndipo aliyense angapindule lero lomwe ataswa panganolo. Ndi liti pamene mantha okha otaya ubale wa mawa angasunge pangano lotere?

Tiyambe ndi masewero ake. Mu 1950, akatswiri awiri a masamu, a Merrill Flood ndi a Melvin Dresher, a ku bungwe la RAND ku America, anakonza kasewero ka anthu awiri. Pambuyo pake a Albert Tucker anakaveka nthano ya akaidi awiri ofunsidwa mafunso m'zipinda zosiyana, aliyense akulonjezedwa chilango chochepa akaneneza mnzake, ndipo m'pamene panachokera dzina loti njakata ya akaidi. Ine akaidiwo ndiwasiya m'ndende momwemo, chifukwa akaidi sagwidwa limodzi mwezi ndi mwezi, pamene nkhani yathu ndi ya anthu okumana mobwerezabwereza.

M'malo mwake tiyerekeze kuti m'tauni ina muli amalonda awiri okha ogulitsa simenti, a Phiri ndi a Banda. Mwezi uliwonse aliyense amasankha yekha, osaona za mnzake, kugulitsa pa mtengo wokwera umene anapangana kapena kutsitsa. Phindu tiliwerenga m'magawo a K100,000 kuti manambala achepe. Onse akasunga mtengo, aliyense apeza 3. Onse akatsitsa, aliyense apeza 1. Mmodzi akatsitsa mnzake atasunga, wotsitsayo akokera makasitomala onse kwa iye n'kupeza 5, ndipo wosungayo atsala ndi 0, matumba ali mbwee m'sitolo. Manambala anayiwa, 5, 3, 1 ndi 0, ndi omwe a Robert Axelrod anagwiritsa ntchito pa mpikisano wawo wotchuka wa mapulogalamu a kompyuta cha m'ma 1980, ndipo tikhala nawo mpaka pomaliza.

Khalani m'malo mwa a Phiri, malondawo akhale a mwezi umodzi wokha. A Banda akasunga mtengo, inu kutsitsa kukupatsani 5 m'malo mwa 3. A Banda akatsitsa, inu kutsitsa kukupatsani 1 m'malo mwa 0. Uku ndi uku kutsitsa n'kopambana. A Banda nawo akuwerenga chimodzimodzi, ndiye onse atsitsa n'kupeza 1 aliyense, pamene 3 inali pafupi. Palibe wopusa pa awiriwa. Aliyense wachita zanzeru, ndipo nzeru zomwezo zawasaukitsa onse.

Ambiri amafulumira kunena kuti kubwereza kumathetsa vutoli. Osati kubwereza kulikonse. Tinene kuti awiriwa akudziwa kuti malonda atha mu Disembala, chifukwa nyumba zawo zonse ziwiri zigwetsedwa. Mu Disembala palibe mwezi wotsatira woti wina alangidwe, choncho onse atsitsa. Pofika Novembala, onse akudziwa kale kuti Disembala ndi wotsitsa zivute zitani, ndiye kusunga mtengo mu Novembala sikugula kanthu. Onse atsitsanso. Mukabwerera chotero mwezi ndi mwezi, mufika mu Januwale pangano litatha lisanayambe. Amene munakhalapo m'chipereganyu mukulidziwa dzenje limeneli: wolandira woyamba amasonkhabe mokhulupirika ngati akudziwa kuti gulu lizunguliranso, koma likalengezedwa kuti uno ndi ulendo womaliza, otsala kumapeto amayamba kugona tulo ta nkhawa.

Ndinene pano kuti anthu enieni satsata masamuwa mpaka kumapeto. Pamene a Flood ndi a Dresher anaseweretsa a Armen Alchian ndi a John Williams maulendo 100, awiriwo anagwirizana onse pamodzi maulendo 60. Komabe mfundoyo ndi yoona: tsiku lomaliza lodziwika limadya pangano kuchokera kumchira. Choncho tifunika masewero amene palibe akudziwa tsiku lake lotha.

Apa m'pamene pakulowa nambala imene nkhani yonse yatsamirapo. Timailemba δ, timaitchula delita, ndipo imakhala pakati pa 0 ndi 1. Imatiuza kulemera kwa kwacha ya mwezi wa mawa poiyerekeza ndi kwacha ya lero. Ngati δ ndi 0.9, K100 ya mwezi wa mawa ikufanana ndi K90 ya lero, ya mwezi wotsatirawo ikufanana ndi K81, n'kumachepa chotero. Zinthu ziwiri zimaipanga. Choyamba ndi mwayi woti malonda apitirirebe mwezi wa mawa. Chachiwiri ndi mtengo wa kudikira, umene chiwongoladzanja chimauonetsa bwino. Ngati mwayi wopitirira ndi p ndipo chiwongoladzanja cha pa mwezi ndi r, ndiye δ = p / (1 + r). Wamalonda wopanda ngongole, wokhazikika m'tauni yake, δ yake ili pafupi ndi 1. Koma tengani amene ali ndi ngongole ya katapila ya 50 peresenti pa mwezi, ndipo mwayi woti sitolo yake ikhalepobe mwezi wa mawa ndi 70 pa 100. Iyeyo δ yake ndi 0.7 kugawa ndi 1.5, pafupifupi 0.47. Muisunge nambala imeneyi, tiifuna posachedwa.

Tsopano njira ya msampha. Lamulo lake ndi lalifupi. Mwezi woyamba sungani mtengo. Pitirizani kusunga malinga ngati palibe amene anatsitsapo. Wina akangotsitsa kamodzi, kaya ndi mnzanu kaya ndinu mwini, msampha wafwamphuka: tsitsani kuyambira mwezi wotsatira mpaka kalekale. A James Friedman ndiwo anaonetsa mwa masamu, mu 1971, kuti njira yotere ingasunge mgwirizano pakati pa anthu odzikonda, pokhapokha ngati amalemekeza tsogolo mokwanira. Funso lathu ndi loti "mokwanira" ndi zingati.

Tiwerenge. A Banda akutsata njira ya msampha, ndipo a Phiri akusinkhasinkha. Akasunga mtengo, alandira 3 mwezi uno, 3 mwezi wa mawa, osalekeza. Ndalama yobwera mwezi ndi mwezi chotere, ikachepetsedwa ndi δ ulendo uliwonse, yonse pamodzi imakwana 3 / (1 − δ). Akatsitsa, alandira 5 mwezi uno, kenako 1 mwezi uliwonse kuyambira wa mawa, ndiye zonse pamodzi ndi 5 + δ × 1 / (1 − δ). Ikani δ ya 0.9. Kusunga kukupereka 30. Kuswa kukupereka 5 kuphatikiza 9, ndiye 14. A Phiri sangatsitse, osati chifukwa cha ulemu, koma chifukwa akamatero ataya K1,600,000. Ikani δ ya 0.4. Kusunga kukupereka 5, kuswa kukupereka pafupifupi 5.67. Apa pangano lagwa. Pakati pa ziwirizi pali malire, ndipo ali pa 0.5 ndendende, pamene mbali zonse ziwiri zikupereka 6.

Pali njira yachidule yoonera zimenezi, imene ndimaikonda kuposa kuwonkhetsa zonse. Woswa pangano amapindula 2 kamodzi kokha, kusiyana kwa 5 ndi 3. Amataya 2 mwezi uliwonse kuyambira wa mawa, kusiyana kwa 3 ndi 1. Pangano likhala ngati zotaya za m'tsogolo, zitachepetsedwa ndi δ, zikuposa phindu la lero. Tikalemba manambala anayi aja ndi zilembo zimene mabuku amagwiritsa ntchito, T ya 5, R ya 3, P ya 1 ndi S ya 0, lamulo limatuluka chonchi:

```
δ ≥ (T − R) / (T − P)
```

Kwa ife ndi 2 kugawa ndi 4, theka. Ndiye mnzathu uja wa katapila, wa 0.47, ali kunsi kwa malire. Adzatsitsa mtengo ngakhale akudziwa bwino lomwe kuti msampha ufwamphuka. Sikuti ndi woipa mtima kuposa mnzake, koma kwa iye mawa apepuka. Ichi n'chifukwa chake wamalonda wochenjera amayang'anitsitsa ngongole za mnzake wopangana naye kuposa mawu ake.

Onaninso zimene lamuloli likunena za T. Tinene kuti mwezi wina kwabwera kontirakiti yaikulu yomanga sukulu, ndipo wotsitsa mtengo mwezi umenewo apeza 11 m'malo mwa 5, pamene wosunga pangano akanapezabe 3 yake. Phindu la kuswa lakwera kufika pa 8, koma chilango chikadali 2 pa mwezi. Kuti 2δ / (1 − δ) ifike pa 8, δ iyenera kukhala 0.8. Awiri amene akhala mwamtendere zaka zambiri ndi δ ya 0.7 adzasemphana mwezi umenewo. Pangano lingasweke pa nthawi ya zokolola zambiri, osati pa njala pokha, ndipo a Julio Rotemberg ndi a Garth Saloner analemba za zimenezi mu 1986.

Wina kumbuyoko angafunse kuti, kodi a Banda adzalangadi? Kuopseza n'kosavuta, koma kuopseza kumene mwini wake sangakuchite kulibe mphamvu. Apa njira ya msampha ili ndi yankho labwino. Msampha ukafwamphuka, a Banda akuyembekezera kuti a Phiri azitsitsa mwezi uliwonse, ndipo kwa munthu woyembekezera zimenezo kutsitsa ndiye kwabwino, chifukwa 1 aposa 0. A Phiri nawo chimodzimodzi. Chilangocho sichifuna kuti wina adzipweteke dala, ndi kungobwerera kumene akanakhala popanda pangano. N'chifukwa chake lamulo lija likuti msampha ufwamphuke ngakhale wotsitsa ndinu mwini: woswayo ayenera kudziwa kuti mwezi wotsatira palibe chosungira mtengo. Koma yankholi lili ndi chibowo, ndipo tichiona tikamafika kumapeto.

Zonse tawerengazi zatsamira pa chinthu chimene sitinachitchule, chakuti a Banda amaona msanga zimene a Phiri achita. Tinene kuti a Phiri amatsitsa mobisa, kulemba mtengo wakale pa lisiti n'kumubwezera kasitomala zina m'manja, ndipo a Banda amazindikira patapita miyezi iwiri. Woswa adya 5 kawiri chilango chisanayambe. Phindu lake tsopano ndi 2 + 2δ, ndipo chilango chachedwa ndi mwezi umodzi. Mukachita masamu ake mupeza kuti δ × δ iyenera kufika theka, ndiye δ iyenera kukhala pafupifupi 0.71. Kuchedwa kwa mwezi umodzi wokha kwakweza malire kuchoka pa 0.5 kufika pa 0.71. Palibe chasintha m'mitima ya awiriwa, changochepa ndi kuona.

Choopsa kwambiri ndi kuona molakwa. A Banda saona mabuku a a Phiri, amangoona kuti mwezi uno makasitomala achepa. Mwina a Phiri atsitsa mtengo. Mwinanso ndi mvula yaimitsa zomanga. Tinene kuti mwezi uliwonse pali mwayi umodzi pa 100 woti a Banda aganize kuti aberedwa pamene palibe chachitika. Ndi mwayi wochepa, koma msampha wosakhululuka umangofuna kamodzi. Mwayi woti miyezi 100 idutse popanda cholakwa chotere ndi pafupifupi 37 pa 100. Kunena kwina, pa maubale atatu otere, pafupifupi awiri adzakhala atafa zisanakwane zaka zisanu ndi zinayi, popanda woswa pangano ndi mmodzi yemwe. Kwa ine, apa m'pamene msampha wosakhululuka umasiya kukhala malangizo n'kukhala chida choyezera chabe. Umatiuza malire otsikitsitsa: popeza m'masewero athuwa palibe chilango choposa kutsitsa mpaka kalekale, ngati uwo walephera kusunga pangano, palibe njira ina ingalisunge. Koma wanzeru saugwiritsa ntchito mmene ulili.

Nanga chilango chizitalika bwanji? Funsoli lili ndi yankho la nambala. Tinene kuti msampha ukafwamphuka onse atsitsa kwa miyezi yowerengeka, kenako abwerera ku mtengo wakale. Phindu la kuswa likadali 2, ndipo mwezi uliwonse wa chilango ukuchotsa 2 wochepetsedwa ndi δ. Ndiye tikufuna kuti δ + δ² + δ³, kupitirira mpaka pa mwezi womaliza wa chilango, ifike pa 1. Ngati δ ndi 0.9, mwezi umodzi ukupereka 0.9, wapereŵera pang'ono. Miyezi iwiri ikupereka 1.71, yakwana ndi kutsalako. Anthu olemekeza tsogolo chotere safunika chidani cha muyaya, miyezi iwiri basi. Ngati δ ndi 0.6, mwezi umodzi ndi 0.6, iwiri ndi 0.96, itatu ndi pafupifupi 1.18, choncho pafunika miyezi itatu. Mukamayandikira 0.5 chilango chimatalikirabe, ndipo pa 0.5 penipeni ndi cha muyaya chokha chimene chingakwane. Chilango chilichonse chopitirira muyezo umenewu sichiwonjezera chitetezo, chimangokulitsa zotaya pa tsiku limene msampha wafwamphuka molakwa.

Izi si za pa bolodi pokha. Cha m'ma 1880 makampani a sitima za pamtunda onyamula tirigu ndi chimanga kuchokera ku Chicago kupita kugombe la kum'mawa kwa America anali ndi mgwirizano wawo wotchedwa Joint Executive Committee. Nthawi imeneyo lamulo la Sherman loletsa migwirizano yotere, la mu 1890, linali lisanabwere, ndiye ankachita poyera. Ankapangana mtengo, ankagaŵana gawo la katundu la kampani iliyonse, ndipo ankasunga ziŵerengero za katundu wonyamulidwa sabata ndi sabata. Vuto lawo linali la a Banda lomwe lija. Kampani inkatha kupereka kuchotsera kwachinsinsi kwa wamalonda wamkulu, ndipo katundu ankasinthanso pa zifukwa zina, monga kutseguka kwa nyanja zikuluzikulu za kumeneko madzi oundana akasungunuka, pamene sitima za pamadzi zinkayamba kulanda katundu. A Robert Porter, pofufuza ziŵerengero za 1880 mpaka 1886 m'kafukufuku wawo wa mu 1983, anapeza kuti mitengo inkakhala yokwera kwa nthawi, n'kugwa mwadzidzidzi kwa masabata kapena miyezi, kenako n'kukweranso. Chilango chinali ndi polekezera.

Mu 1984 a Edward Green ndi a Porter anafotokoza chinthu chimene poyamba chimamveka chododometsa. Kumene anthu saona bwino zochita za anzawo, nkhondo ya mitengo iyenera kumachitika nthawi ndi nthawi ngakhale palibe wabera. Onse angadziwe kuti mwina ndi msika chabe wagwa, komabe ayenera kutsitsa. Akapanda kutero, aliyense aphunzira kuti kuchepa kwa makasitomala sikubweretsa chilango, ndipo mawa adzabera n'kunamizira msika. Ndiye mukaona amalonda akumenyana pa mitengo kwa kanthawi kenako n'kubwerera pamodzi pa mtengo wokwera, musafulumire kunena kuti mgwirizano wawo unatha. Mwina mukuona mmene umadzisungira.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa ndakhala ndikulankhula ngati kuti pangano la a Phiri ndi a Banda ndi chinthu chabwino. Kwa womanga nyumba amene akugula simentiyo, si labwino ayi, ndipo kuno kwathu kupangana mitengo chotere n'koletsedwa ndi lamulo la mpikisano pa malonda. Masamuwa sasankha mbali. Lamulo lomwe lija limathandiza asodzi awiri ofuna kusunga pangano losagwiritsa ntchito maukonde a maso aang'ono, ndipo limathandizanso boma lofuna kuphwanya mgwirizano wa amalonda. Boma likalonjeza kukhululukira kampani yoyamba kuulula, monga America inakhazikitsira mwamphamvu mu 1993, likukweza T dala, kuti malire akwere kuposa δ ya opanganawo.

Tibwerere ku chibowo chija. Msampha wafwamphuka, onse akupeza 1. A Phiri apita kwa a Banda n'kunena kuti, "Achimwene, zapitazo zapita. Tonse tikuluza. Bwanji tiyambirenso mawa?" Kunena zoona, a Banda apindula akavomera, chifukwa 3 aposa 1. Koma ngati a Phiri ankadziwa kuyambira pachiyambi kuti a Banda adzavomera, ndiye chilango sichinalipo n'komwe, ndipo kubera kunali kwaulere. Kukhululuka kosavuta kumapha mgwirizano, kusakhululuka konse kumauphanso pakachitika cholakwa. Njira imodzi yotulukira ndi chilango chimene wolakwiridwa amapindula nacho. Wolakwa asunge mtengo wokwera kwa mwezi umodzi pamene mnzake akutsitsa, kuti wolakwiridwayo adye 5 iye adye 0, kenako abwerere pamodzi. Apa a Banda alibe chifukwa chofupikitsira chilango, popeza akudya bwino m'kati mwake. A Phiri nawo avomera kulipira malinga ngati kubwerera ku 3 kukuposa kukhala pa 1 mpaka kalekale. Imeneyi ndi chipepeso cholembedwa m'masamu.

Chotsala ndi chenjezo pa mawu oti "angathe". Lamulo lija likuti δ ikafika theka mgwirizano ungathe kukhala. Silikunena kuti udzakhala. Ngakhale δ ikhale 0.99, awiri amene aliyense akuyembekezera kuti mnzake atsitsa adzatsitsa mwezi uliwonse, ndipo palibe amene akulakwitsa masamu. A Drew Fudenberg ndi a Eric Maskin anaonetsa mu 1986 kuti anthu oleza mtima kwambiri angakhazikike pa zotsatira zambirimbiri, zabwino ndi zoipa zomwe. Kuyamba kusunga mtengo kuli ndi ngozi yake, ndipo ngoziyo ndi S, nambala imene simunaione m'lamulo lija. Tinene kuti a Phiri sakumudziwa bwino mnzawo, akuganiza kuti mwayi ndi theka kuti a Banda ndi a msampha, theka kuti ndi otsitsa nthawi zonse. Mukawerenga zimene a Phiri angayembekezere pa njira ziwirizi, mupeza kuti kuyamba ndi kusunga mtengo kukupambana pokhapokha δ ikafika 0.6. Pakati pa 0.5 ndi 0.6 pangano ndi lotheka pa pepala, koma munthu wokayikira mnzake sangaliyambe. A Pedro Dal Bó ndi a Guillaume Fréchette, poseweretsa anthu enieni masewerowa m'kafukufuku wofalitsidwa mu 2011, anapeza zogwirizana ndi zimenezi: kumene δ inali pansi pa malire, kugwirizana kunkazilala anthu akamazolowera masewero, koma kungodutsa malire pang'ono sikunali kokwanira kuti kukule. Kunkakula bwino kumene δ inali pamwamba ndithu.

Ndiima pamenepa kuti tiyambe mafunso. Amene muli ndi pepala, yesani kusintha 0 uja akhale −2, ngati kuti simenti yosagulidwa ikuuma m'sitolo, muone kuti malire a theka sasuntha koma a 0.6 akwera kufika pati.